Kusamutsa Mayina ndi Manambala a M'foni Kupita M'sipuredishiti Popanda Kutaya Ziro

M'makomiti ambiri a chitukuko m'mawodi athu, manambala a mafumu, alangizi a zaumoyo, okonza mijigo ndi mamembala a komiti amakhala m'foni imodzi yokha, ya mlembi. Foniyo ikabedwa kapena kugwera m'madzi, komiti imayambiranso kufunsa nambala khomo ndi khomo. Ngakhale foniyo ilipo, ofesi ya khonsolo ikapempha mndandanda wa mamembala a mudzi uliwonse, mlembi amakhala usiku wonse akukopera pamanja, ndipo nambala imodzi ikalakwika munthu wina samva za msonkhano. Nkhani ino ikufotokoza momwe mungasamutsire mayinawo m'sipuredishiti, komanso malo amene manambala amawonongekera panjira.

Sipuredishiti ndi tebulo la pakompyuta, lotsegulidwa ndi pulogalamu monga Excel kapena Google Sheets. Lili ndi mizere yopingasa ndi madanga otsika. Lamulo lake ndi limodzi: munthu mmodzi atenge mzere umodzi, ndipo chinthu chilichonse chokhudza iye chikhale m'danga lakelake. Dzina likhale padera, dzina la bambo padera, mudzi padera, udindo padera, nambala padera. Mukatero, kompyuta imatha kukusankhirani anthu a mudzi umodzi kapena alembi okhaokha m'kanthawi kochepa. Mukaphatikiza zonse m'kabokosi kamodzi, kompyuta imangoona mawu aatali ndipo singakusankhireni kanthu.

Kutulutsa mayina m'foni

Tiyerekeze mlembi wa komiti amene foni yake ikuonetsa mayina 340. Alembe chiwerengero chimenechi papepala asanachite china chilichonse, chifukwa ndicho adzayesere ntchito yake kumapeto.

Choyamba ndi kudziwa kumene mayinawo akusungidwa. Pafoni ya Android, ena amakhala musimukhadi, ena m'foni momwemo, ndipo ena mu akaunti ya Google. Anthu ambiri ali nawo m'malo atatu onsewo osadziwa. Pulogalamu ya Contacts ili ndi posankha `Import from SIM`, pamene mumakokera mayina a musimukhadi kuti akhale pamodzi ndi ena. Amene ali ndi foni ya mabatani akopere mayina musimukhadi, kenako aike khadilo m'foni yamakono. Koma adziwe kuti simukhadi imasunga mayina owerengeka, nthawi zambiri 250, ndipo imadula mayina aatali. Ngati mayina ndi ochuluka kuposa pamenepo, ntchitoyi ichitike maulendo awiri.

Mayina onse akakhala pamodzi, fufuzani mawu akuti `Export` mu pulogalamu yomweyo. Malo ake amasiyana malinga ndi mtundu wa foni, koma chotuluka chimafanana: fayilo yothera ndi `.vcf`. M'kati mwake munthu aliyense amalembedwa chotere:

```
BEGIN:VCARD
VERSION:3.0
FN:Mayi Uje Mjigo Kumsika
TEL;TYPE=CELL:0990000123
END:VCARD
```

Fayilo imeneyi ndi yabwino posamutsira mayina m'foni ina, koma si tebulo. Mukaitsegula mu Excel, mizere yonseyi imangotsika m'danga limodzi. Imayenera kusinthidwa kukhala fayilo ya `.csv`, momwe munthu aliyense ali pamzere umodzi ndipo zinthu zake zalekanitsidwa ndi makoma, timipatuliro topumira tija.

Kuti muchite izi, tsegulani `contacts.google.com` pakompyuta ya intaneti ndi kulowa mu akaunti yanu. Ngati foni yanu imatumiza kale mayina ku Google, muwapeza momwemo. Ngati mulibe, dinani `Import` ndi kusankha fayilo ya `.vcf` ija. Kenako dinani `Export`, sankhani `Google CSV`, ndipo fayilo itsikira pakompyuta. Ngati kompyutayo ndi ya eni kapena ya m'malo olipiritsa intaneti, tulukani mu akaunti mukamaliza ndipo mufufute fayiloyo mutaikopera pa fulashi yanu.

Pamene manambala amawonongekera

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Munthu akaona fayilo ya `.csv` amangoidina kawiri, Excel n'kuitsegula. Pulogalamuyo ikaona manambala okhaokha imaganiza kuti ndi chiwerengero cha masamu, monga ndalama kapena matumba a chimanga. M'masamu ziro wakumayambiriro alibe ntchito, choncho imamuchotsa. Nambala ya foni ya m'manja ya kuno ku Malawi ili ndi manambala 10 ndipo imayamba ndi ziro, monga 088 ya TNM kapena 099 ya Airtel. Motero `0990000123` imasanduka `990000123`.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu kuposa loyambali. Nambala yolembedwa ndi `+265` kutsogolo imakhala ndi manambala 12, ndipo Excel imafupikitsa chiwerengero chilichonse chofika pamenepo. Nambala `+265990000123` imaoneka ngati `2.6599E+11`. Panthawi imeneyi nambala yeniyeni ikadalipo kuseri. Koma mukasunga fayiloyo ili ya `.csv` yomweyo, Excel imalemba zimene zikuoneka, ndipo mukadzaitsegulanso mudzapeza `265990000000`. Manambala akumapeto apita, ndipo palibe njira yowabwezera kupatula kutulutsanso fayilo yatsopano. Mukaona chilembo `E` pakati pa nambala, tsekani fayiloyo osasunga.

Njira yotetezeka ndi kutsegula Excel yopanda kanthu, kupita pa `Data`, n'kusankha `From Text/CSV`. Pazenera lotuluka muone zinthu ziwiri. Pa `File Origin` pakhale `65001: Unicode (UTF-8)`, kuti zilembo monga ŵ zisasanduke tizizindikiro tosawerengeka. Pa `Data Type Detection` sankhani `Do not detect data types`, kutanthauza kuti pulogalamuyo itenge chilichonse monga mawu, isasinthe kanthu. Kenako dinani `Load`. Mu Google Sheets, pitani pa `File`, kenako `Import`, ndipo muchotse kachizindikiro pa `Convert text to numbers, dates, and formulas`. Tebulo likangotseguka, lisungeni pomwepo ngati `.xlsx`, ndipo ntchito yonse yotsatira ichitikire m'fayilo yatsopanoyo.

Kukonza madanga

Fayilo ya Google imabwera ndi madanga ambiri, ochuluka mwa iwo opanda kanthu. Ofunika ndi a mayina, monga `First Name` ndi `Last Name`, ndi a manambala, `Phone 1 - Value` ndi `Phone 2 - Value`. Musanafufute danga, litsikeni mpaka pansi kuti mutsimikize kuti mulibedi kanthu. Muonenso tibokosi tokhala ndi manambala awiri olekanitsidwa ndi `:::`. Ameneyo ndi munthu wa mizere iwiri ya foni, ndipo nambala yachiwiri isamutsidwire m'danga lake.

Ntchito yotenga nthawi ndi ya mayina. Timasunga anthu m'foni momwe timawakumbukirira, n'chifukwa chake mlembi wathu analemba kuti "Mayi Uje Mjigo Kumsika". M'mawu anayiwa muli zinthu zitatu: dzina, udindo ndi malo. Kompyuta singadziwe kuti "Mjigo" ndi komiti imene mayiyo akutumikira, osati dzina la bambo awo. Mlembi awonjezere madanga a Mudzi ndi Udindo, ndipo agawe yekha mzere ndi mzere. Dzina la mudzi lilembedwe mofanana paliponse, chifukwa kalembedwe kawiri ka mudzi umodzi kompyuta imakawerenga ngati midzi iwiri.

Manambala nawo akhale m'kalembedwe kamodzi. Ena analembedwa ndi mipata, ena ndi `+265`, ena ndi ziro. Tinene kuti ali m'danga E. M'danga lopanda kanthu F, pamzere wachiwiri, lembani izi ndi kukokera pansi mpaka mzere womaliza:

```
=SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(E2," ",""),"+265","0")
```

Lamuloli limachotsa mipata yonse ndi kusintha `+265` kukhala ziro. Mukatero koperani danga F, mulimate pomwepo ndi `Paste Special` posankha `Values`, kuti manambala akhazikike paokha. Pomaliza sankhani danga lonselo, pitani pa `Format Cells` ndi kusankha `Text`. Mukapanda kutero, nambala iliyonse imene mudzalembe kapena kukonza mtsogolo idzatayanso ziro wake.

Kuyesa ngati zayenda bwino

Pali mayeso atatu. Oyamba ndi kuwerenga mizere. Mlembi wathu anali ndi mayina 340, choncho mzere womaliza ukhale wa 341, popeza woyamba ndi wa mitu, kapena wa 342 ngati Excel yaika mzere wina wa mitu pamwamba pake. Akapeza ochepa kwambiri, pali mayina amene anatsalira musimukhadi kapena m'foni.

Achiwiri ndi kutalika kwa nambala. M'danga G lembani:

```
=LEN(F2)
```

Yankho likhale 10. Pamene patuluka 9, kawirikawiri ziro watayika. Pamene patuluka 12 ndipo nambalayo ikuyamba ndi 265, inalembedwa popanda chizindikiro chophatikiza, ndipo ikonzedwe pamanja. Manambala akunja, monga a abale amene ali ku South Africa oyamba ndi `+27`, adzaonetsa kutalika kosiyana ndi 10, ngakhalenso 12 yomweyo, ndipo asiyidwe momwe alili.

Achitatu ndi manambala obwerezedwa. Pa `Conditional Formatting` pali `Duplicate Values`, imene imapaka utoto nambala iliyonse yopezeka kawiri. Musathamangire kufufuta. Nthawi zina ndi munthu mmodzi amene anasungidwa musimukhadi ndi m'foni momwe, koma m'midzi yathu foni imodzi imatumikira banja lonse, ngakhalenso oyandikana nawo. Mukafufuta popanda kuwerenga mayina, mungachotse membala weniweni wa komiti amene amalandira mauthenga kudzera pafoni ya mwana wake.

Chenjezo lina ndi la posanja mayina. Mukasankha danga limodzi lokha n'kulisanja motsatira zilembo, Excel imafunsa ngati isanje tebulo lonse. Yankhani `Expand the selection`. Mukasanja danga la mayina lokha, dzina lililonse limakhala moyang'anizana ndi nambala ya munthu wina, ndipo tebulo limaonekabe laukhondo ngati palibe chalakwika. Mukamaliza zonse, sankhani mizere isanu mwachisawawa ndi kuifananiza ndi zimene zili m'foni.

Amene ayenera kukhala pamndandanda

M'mayina 340 a mlembi muli achibale, anzake a kutchalitchi ndi ogulitsa feteleza. Amenewa sayenera kupita kukhonsolo. Sungani fayilo yathunthu panokha, ndipo mupange ina ya anthu a komiti okhaokha. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, limene linakhazikitsidwa mu 2024, ndipo dzina ndi nambala ya foni zili m'gulu limenelo. Auzeni anthuwo kuti manambala awo alembedwa ndi chifukwa chake, ndipo musatumize fayiloyo m'magulu a WhatsApp. Ikhale ndi mlembi ndi wapampando, pamodzi ndi pepala limodzi losindikiza m'kaundula wa komiti, ndipo tsiku limene inakonzedwa komaliza lilembedwe m'dzina la fayiloyo.