Kampata kosaoneka kamene kamaononga ntchito ya Excel

Pa Upwork ndi Fiverr pamapezeka eni mabizinesi ofuna munthu woti awakonzere mndandanda wosokonekera wa mu Excel. Ambiri ophunzira ntchitoyi amathamangira batani la Remove Duplicates, lochotsa mizere yobwerezedwa. Batanilo ndi labwino, koma nthawi yolidina ndi kumapeto.

Tiyerekeze kuti mwini sitolo wakutumizirani fayilo ya katundu ya mizere 500. Choyamba sungani kope lina, lomwe simudzalikhudza. Kenako yang'anani mayina mu kolamu A. "Sopo" walembedwa kawiri, ndipo m'maso mwanu ndi mawu amodzi. Koma wolemba anadina mpata atamaliza lachiwirilo, ndiye kwa Excel ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo batani lija lizisiya zonse. Mungadziwe bwanji? Fomula ya `=LEN(A2)` imawerenga zilembo. Ikati 5 pamene "Sopo" ali ndi zilembo 4, kampata kalipo.

Mankhwala ake ndi TRIM, imene imachotsa mipata ya kutsogolo ndi kumapeto, n'kusiya umodzi pakati pa mawu. Komabe zokopera pa intaneti zimabwera ndi mpata wa mtundu wina umene TRIM siigwira, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Lembani izi mu kolamu yatsopano, n'kukokera mpaka mzere womaliza:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(A2,CHAR(160)," "))
```

SUBSTITUTE ikusandutsa mpata wouma mutuwo kukhala wamba, TRIM n'kuusesa. Mukatero koperani kolamuyo, muiike pamalo pa yakale kudzera pa Paste Special, musankhe Values. Mukapanda kutero, mukangofufuta kolamu yakale mabokosi onse adzadzaza ndi #REF!.

Vuto limene ine limandidetsa nkhawa kwambiri ndi la manambala, chifukwa limachitika mwakachetechete. Nambala ya katundu 00457 ikalowa ngati nambala yowerengetsera, Excel imataya maziro n'kusiya 457, ndipo mwini sitolo sangaipezenso m'kaundula wake. Nambala za foni zoyamba ndi 0 zimaonongekanso chimodzimodzi. Musanayambe kulemba, sinthani kolamuyo ikhale Text. Fayilo ikakhala ya CSV, musaitsegule pongoidina kawiri. Ilowetseni kudzera pa From Text/CSV, ndipo pa Transform Data muike kolamuyo pa Text. Ngati maziro atayika kale koma nambala zonse zinali za madijiti 5, `=TEXT(B2,"00000")` iwabweza. Nambala yopitirira madijiti 15 ndiye ilibe pobwerera: Excel imasandutsa otsalawo kukhala maziro, ndipo muyenera kupempha fayilo yoyambirira.

Tsopano dinani Remove Duplicates, mutachonga makolamu onse a dzina ndi nambala, poti sopo wamkulu ndi wamng'ono akhoza kufanana dzina. Excel ikanena kuti yachotsa mizere 38, yotsala ikhale 462. Manambala awiriwa muwalembe mu uthenga wopita kwa kasitomala, pamodzi ndi fayilo yokonzedwayo ndi kope loyamba lija.