Inshuwalansi yomwe anakuphatikizirani pa ngongole: mungaichotse bwanji?

Mukatenga ngongole ku mabungwe obwereketsa ndalama, kapena mukagula katundu monga sola, firiji ngakhale njinga yamoto molipira pang'onopang'ono, nthawi zambiri pamakhala kandalama kena kolembedwa kuti ndi ka inshuwalansi. Ntchito yake ndi yakuti mukamwalira kapena kulumala kotheratu ngongole isanathe, kampani ya inshuwalansi ilipire zotsalazo. Ena amawonjezerapo chithandizo cha maliro kapena cha kuchotsedwa ntchito.

Musanathamangire kukaichotsa, werengani mgwirizano womwe munasayina kuti mudziwe ngati inshuwalansiyo ndi yokakamiza kapena yochita kusankha. Ngati ndi yokakamiza, kawirikawiri sangaichotse, ngakhale mutha kufunsa ngati angalole kuti inshuwalansi ya moyo yomwe muli nayo kale ilowe m'malo mwake. Pa katundu wolipira pang'onopang'ono, katunduyo amakhala akadali wa wogulitsa kufikira mutamaliza kulipira, choncho inshuwalansi yomuteteza ku moto ndi kuba saichotsa wamba. Zomwe zimachotseka msanga ndi zowonjezera zija.

Pemphani chikalata cha inshuwalansicho, osangomvera zonena za ofisala wa ngongole. Onani dzina la kampani, zomwe imalipira ndi zomwe imakana. Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mayi wogulitsa tomato pamsika sangachotsedwe ntchito ndi munthu aliyense, ndiye kulipirira chitetezo chimenecho n'kutaya ndalama. Ma inshuwalansi ena ali ndi malire a zaka, ena sapereka kanthu ngati imfa yabwera chifukwa cha matenda omwe munali nawo kale, monga shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Ngati muli m'gulu limeneli, mukulipirira chinthu chomwe banja lanu mwina silidzalandira.

Tiyerekeze kuti mwabwereka K600,000 yobweza m'miyezi 12, pa chiwongoladzanja cha K4 pa K100 iliyonse pamwezi, chowerengera pa ndalama yonse yomwe munatenga poyamba. Popanda inshuwalansi, mwezi uliwonse mubweza K50,000 kuphatikizapo chiwongoladzanja cha K24,000, zonse pamodzi K74,000. Tsono akaika inshuwalansi ya K24,000 mkati mwa ngongoleyo, ngongole imakhala K624,000 ndipo pamwezi mumalipira K76,960. Kusiyana kwake ndi K2,960: K2,000 ya inshuwalansi ndi K960 ya chiwongoladzanja chake. Pakutha pa chaka, inshuwalansi ya K24,000 ija imakhala yakudyerani K35,520.

Mukaichotsa patatha miyezi itatu, miyezi isanu ndi inayi yotsalayo mtengo wake ndi K18,000. Musayembekezere yoposa apo, ndipo ikhoza kuchepa malinga ndi momwe chikalata chikunenera za kawerengedwe kake. Ngati K18,000 yonseyo yachotsedwa pa ngongole pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, malipiro anu apamwezi ayenera kutsika kufika pa K74,000. Akakupatsani K18,000 pamanja koma malipiro n'kukhalabe K76,960, dziwani kuti mukulipirabe K960 mwezi ndi mwezi pa inshuwalansi yomwe kulibe. Funsani zimenezi musanavomere.

Pempho lanu likhale lolemba. M'kalatamo lembani dzina lanu, nambala ya ngongole, tsiku lomwe mukufuna inshuwalansi ilekeke, ndipo mupemphe ndondomeko yatsopano ya kabwezedwe ka ngongole. Lembani makalata awiri ofanana, imodzi akudindireni n'kubwerera nayo kunyumba. Pamene mukudikira yankho, pitirizani kulipira ndalama zonse monga mwa nthawi zonse. Mukadzichotsera nokha K2,960 ija, mabuku awo adzaonetsa kuti mwalephera kubweza, chindapusa chidzakugwerani, dzina lanu likhoza kupita ku mabungwe osunga mbiri ya obwereka, ndipo wogulitsa akhoza kuyamba zofuna kulanda katundu wake. Ngati ndalama amadula kumalipiro a kuntchito, onani pepala la malipiro la mwezi wotsatira kuti mutsimikize kuti zasinthadi.

Chimodzimodzinso mukamaliza ngongole nthawi isanakwane, kapena mukatenga ina yotsekera yakale, funsani za inshuwalansi ya miyezi yomwe simunagwiritse ntchito, chifukwa pa ngongole yatsopanoyo akhoza kukudulani ina.

Bungwe likakana popanda chifukwa chomveka, kapena likangokhala chete, tengani kalata yodindidwa ija ndi mgwirizano wanu kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, komwe kuli ofesi yoyang'anira mabungwe a zachuma ndi a inshuwalansi. Za katundu wogula m'sitolo mutha kukadandaulanso ku Competition and Fair Trading Commission.

Komabe gawo lolipira ngongole munthu akamwalira, ngati likukukhudzani ndipo mulibe inshuwalansi ina, ine sindingakulangizeni kulichotsa. Ngongole siikwiriridwa limodzi ndi mwini wake: obwereketsa amaitsata pa chuma chamasiye, pa chikole, kwa yemwe anakuimirani, ndipo ngati inali ya pagulu, kwa anzanu a m'gulumo. Kambiranani nawo kaye anthu amenewa musanapereke kalata ija.