Sabata ya mawu, kope limodzi: mmene lesitilanti yatsopano imakonzera zolemba pa Facebook

Nthawi ikamathamangira 12 koloko masana, m'khitchini ya lesitilanti simukhala mpata woganiza. Nsima ili pamoto, mafuta akuthetheka m'chiwaya, woperekera zakudya akufunsa ngati nkhwani wapsa. Pa ola lomweli ndi pomwe eni malo odyera ambiri amakumbukira kuti lero sanaponye kalikonse pa Facebook. Amatulutsa foni ndi manja amafuta, kujambula mbale yomwe ili pafupi, n'kulemba kuti "Bwerani mudzadye." Mawa lake amalembanso zomwezo, ndipo pofika mkucha amangosiya.

Odziwa ntchito yotsatsa malonda sadikira ola lamoto lija. Amakhala pansi kamodzi pa sabata ndi kalendala, n'kukonzeratu mawu onse operekeza zithunzi, amene achinyamata amangowatchula kuti makapushoni. Kalendala yake si chinthu chovuta. Ena amaipanga pa Google Sheets, koma tsamba limodzi la kope la sukulu ndi lula zimakwanira.

Tiyerekeze lesitilanti yomwe yangotsegulidwa kumene ku Limbe, ya matebulo asanu ndi atatu, yophika zakudya zakwathu. Mwini wake ndi mayi amene ali ndi ophika awiri komanso mnyamata mmodzi wothandiza. Lamulungu madzulo, mayiyo akujambula mizere isanu ndi iwiri yopingasa, umodzi pa tsiku lililonse, kenako mizere yotsika yogawa tsambalo m'madanga asanu. Danga loyamba ndi la tsiku ndi ola. Lachiwiri ndi la ntchito ya positi ya tsikulo. Lachitatu ndi la chithunzi chofunika kujambula. Lachinayi ndi la mfundo zosayenera kulakwika, monga mtengo ndi nthawi. Lomaliza likuyankha funso limodzi: munthu akawerenga, achite chiyani?

Asanalembe liwu lililonse, mayiyo ayamba wafunsa kukhitchini. Chambo chimabwera liti? Nkhuku zalokolo amazipha tsiku lanji? Ndi tsiku liti lomwe anthu amachepa? Kalendala yoyambira pa foni imalonjeza zinthu zomwe mumphika mulibe, pomwe yoyambira kukhitchini imangotsatira zomwe zikuchitika kale. Ngati wogulitsa nsomba amafika Lachiwiri m'mawa kuchokera ku Mangochi, positi ya chambo ndi ya Lachiwiri basi.

Danga la ntchito ndi lomwe limasenza zonse. Tsiku lililonse limapatsidwa ntchito imodzi yokha, ndipo masiku awiri otsatizana sagwira ntchito yofanana. Pa lesitilanti yathuyi, Lolemba ndi lolozera njira, Lachiwiri ndi la chakudya chimodzi, Lachitatu ndi loonetsa wophika, Lachinayi ndi lofotokoza kaitanitsidwe, Lachisanu ndi loitanira anthu kumapeto a sabata, Loweruka ndi la zomwe zikuchitika pamalopo, ndipo Lamulungu ndi la nthawi zotsegulira.

Mzere wa Lolemba ukuwerengeka chonchi: 10 koloko m'mawa, anthu adziwe pomwe tili, chithunzi cha khomo ndi chikwangwani, timatsegula 7 koloko mpaka 8 koloko usiku, atipeze. Kapushoni imangotuluka yokha mumzerewo: "Tatsegula ku Limbe. Mukatsika minibasi pa depoti, yendani mphindi zitatu kulowera kumsika, mudzaona khomo lobiriwira kumanja. Nsima imakhala itapsa pofika 11:30. Timatsegula 7 koloko m'mawa mpaka 8 koloko usiku."

Malo akale akhoza kuiwala kulozera njira, chifukwa makasitomala awo amawadziwa. Malo atsopano sangatero. Kuno anthu sapeza nyumba ndi nambala ya msewu, amaipeza ndi zizindikiro: sitolo yodziwika, filing'i siteshoni, mtengo wa mango. N'chifukwa chake chithunzi cha Lolemba ndi cha khomo, osati cha mbale. Munthu amene waona khomo lobiriwira pa foni adzalizindikira ali tsidya lina la msewu.

Lachiwiri ndi pomwe olemba ambiri amapunthwa. Amadzaza kapushoni ndi mawu oti "chokoma," "chapamwamba," "chosayerekezeka," mawu amene lesitilanti iliyonse m'tauni imanena. Mawu otere sauza munthu kanthu. Chomwe chimadzutsa njala ndi zenizeni za m'mbalemo: "Chambo chafika m'mawa uno kuchokera ku Mangochi. Tikuchiwotcha pa makala, ndi mpunga wa Kilombero kapena nsima, pambali nkhwani wotendera. K9,500 mbale. Zilipo nsomba 20 zokha." Mtengo ndi chiwerengero apa n'zongoyerekeza, koma taonani ntchito yomwe zikugwira. Wowerenga wadziwa chakudya, kaphikidwe, ndalama yomwe anyamule, komanso kuti asachedwe.

Dongosolo la mawuwo lili ndi chifukwa chake. Instagram imalola kapushoni yofika zilembo 2,200, koma pa sikirini imangoonetsa pafupifupi zilembo 125 zoyambirira, zotsalazo n'kubisala kuseri kwa kaliwu koti "more". Facebook nayo imadula mawu aatali ndi "See more". Anthu ambiri sadina pamenepo. Choncho moni wautali, wothokoza makasitomala okondedwa kulikonse komwe ali, umadya malo onse ooneka, ndipo chambo chija chimatsalira mumdima. Dzina la chakudya liyambe, moni abwere pambuyo ngati malo alipo.

Mtengo nawo uli ndi malo ake oyenera, omwe ndi mu kapushoni, osati pa chithunzi. Mawu a positi ya pa Facebook kapena Instagram amasinthika ngakhale itatuluka kale, pomwe nambala yodindidwa pa chithunzi imakhala pomwepo mpaka kalekale. Aliyense amene ankachita malonda mu Novembala 2023, pomwe mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, akukumbukira mmene mitengo ya mafuta ophikira ndi zina inasinthira m'masiku ochepa. Kasitomala wobwera ndi chithunzi cha mtengo wakale amaona ngati wapusitsidwa, ndipo mkangano wake umagwera woperekera zakudya amene sanalembe n'komwe positiyo.

Masiku awiri apakati safuna zambiri. Lachitatu pali chithunzi cha wophika akusinja mtedza wotendera, ndi ziganizo ziwiri zonena kuti nsinjiro za pano zimasinjidwa m'mawa uliwonse. Wophikayo ayenera kuvomera kaye asanajambulidwe. Lachinayi ndi la anthu a m'maofesi oyandikira: atumize uthenga pa WhatsApp isanakwane 11 koloko, alipire pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, chakudya adzachipeza chitaikidwa kale m'kontena. Positi imeneyi sikopa maso, koma ndi yomwe anthu amaisunga n'kutumizirana.

Lachisanu limafuna kusamala kwina, chifukwa ndi tsiku la lonjezo. M'danga la mfundo, mayi uja walemba zinthu zitatu: chomwe akupereka, nthawi yoyambira ndi yothera, ndi malire ake. Kapushoni yake ikuti: "Mawa Loweruka, kuyambira 12 koloko mpaka 3 koloko, aliyense wogula nkhuku yalokolo ndi nsima alandira kapu ya thobwa yaulere. Izi ndi za odyera pompano okha." Chiganizo chomalizacho chikuoneka chaching'ono, koma chitachotsedwa, wina adzaitanitsa makontena khumi pa foni n'kufunsa thobwa wake khumi. Lonjezo lopanda ola lothera nalo limabweretsa munthu 7 koloko usiku, foni ili m'manja, akuloza positi.

Mzere wa Loweruka ndi wokhawo womwe umasiyidwa wosatha. Ntchito yake yalembedwa, koma chithunzi ndi mawu zimadikira tsikulo: mwina matebulo atadzaza, mwina chidebe cha thobwa chitatsala pang'ono kutha. Nkhope za makasitomala sizijambulidwa popanda chilolezo chawo, ndipo nthawi zambiri manja ndi mbale zimakwanira. Zoterezi zimayenera pa WhatsApp Status, yomwe imafufutika yokha pakatha maola 24. Lamulungu ndi mzere umodzi wonena ngati malowo ali otsegula, ndi chomwe chikubwera Lachiwiri.

Mizere yonse ikadzaza, kulemba makapushoni asanu ndi limodzi kumatenga ola limodzi kapena kuchepera, chifukwa kuganiza kwachitika kale. Zithunzi za khomo, za wophika ndi za makontena zitha kujambulidwa tsiku limodzi, pafupi ndi windo kapena pakhonde, poti babu wa m'khitchini amasandutsa nsima yoyera kukhala yachikasu. Kenako pulogalamu yaulere ya Meta Business Suite imalola kuikiratu mapositi a Facebook ndi Instagram kuti adzatuluke okha pa tsiku ndi ola losankhidwa. Izi zimathandiza pa masiku omwe magetsi athima, foni yatha moto, kapena bandulo yathera panjira.

Koma kuikiratu kuli ndi msampha wake. Positi yoikiratu sidziwa kuti galimoto ya nsomba yafera panjira. Idzatuluka 10 koloko Lachiwiri, ikulengeza chambo chomwe chidakali ku Liwonde. Njira yopewera zimenezi ili m'kope momwemo: mizere yodalira katundu wobwera tsiku lomwelo imaikidwa kanyenyezi, ndipo siikidwiratu. Imatumizidwa ndi manja wophika akatsimikiza kuti nsomba waigwira. Pansi pa tsamba pamakhalanso kapushoni imodzi yapadera, ya chakudya chosasowa ngati nyemba kapena mazira, yoti ilowe m'malo zinthu zikavuta.

Nanga mwini malo adziwa bwanji kuti makapushoni akugwira ntchito? Kuchuluka kwa ma "like" kumanamiza, poti sabata yoyamba ambiri mwa iwo amachokera kwa achibale ndi anzake a kumpingo, ena ali ku Joni komwe sangabwere kudzadya. Mafunso a pansi pa positi ndi omwe amanena zoona. Anthu atatu akafunsa kuti "Ndi zingati?", ndiye kuti mtengo unasowa kapena unabisala kumapeto. Akafunsa kuti "Muli pati?", kulozera njira kwa Lolemba kuyenera kufupikitsidwa n'kumaikidwa pansi pa kapushoni iliyonse. Akafunsa kuti "Chilipobe?", chiwerengero ndi ola lothera sizinamveke.

Muyeso wina uli pa kauntala. Wolandira ndalama amafunsa kasitomala watsopano aliyense kuti, "Mwatidziwa bwanji, achimwene?" kapena "Anakuuzani ndani za ife, amayi?", n'kuika kamzere m'kope pansi pa Facebook, WhatsApp, mnzanga, kapena ndimangodutsa.

Lamulungu lotsatira, mayi wa ku Limbe uja akutsegula kope lake pa tsamba latsopano, lakale lili pambali. Positi ya wophika inakondedwa ndi ambiri koma palibe anaitchula pa kauntala, choncho ntchito ya Lachitatu aisintha kuti itchulenso ndiwo za tsikulo. Ya Lachinayi inabweretsa maoda a ku ofesi ziwiri, ndiye ibwereranso, koma ituluke 9 koloko m'malo mwa 10. Madanga asanu aja akhala momwemo. Wafufuta chambo pa mzere wa Lachiwiri, walembapo usipa wofutsa, ndipo wapita kukafunsa wophika ngati tomato akwanira.