Kalata Yopempha Banki Kuti Italikitse Nthawi Yobweza Ngongole

Mwa makalata antchito amene timaphunzitsa, kalata yopita kwa mkulu wa banki ndiyo imasokoneza ophunzira ambiri. Akauzidwa kuti alembe m'malo mwa wamalonda amene walephera kukwaniritsa ngongole, amadzaza tsamba ndi madandaulo ndi mawu opepesa. Amaiwala kuti pepani sapoletsa chilonda. Mkulu wa banki akusunga ndalama za eni ake, ndipo akamawerenga kalata yotere amakhala ndi funso limodzi: kodi munthuyu ndikamuwonjezera nthawi, ndalamazi zidzabwerera? Kalata yabwino imayankha funsoli ndi manambala. Tiona momwe imalembedwera pogwiritsa ntchito chitsanzo cha m'malire a Milange.

Chimene chikupemphedwa

Mphunzitsi ayambe wamasulira pempho lenileni. Ngongole ya kubanki ili ndi mbali ziwiri: ndalama zimene munthu anakongola, ndi chiwongoladzanja chimene banki imalipiritsa chifukwa chogwiritsa ntchito ndalamazo. Zonsezi zimabwezedwa m'magawo, mwezi ndi mwezi, pa tsiku lolembedwa m'pangano. Wopempha kuti nthawi italikitsidwe sakufuna kukhululukidwa ngongole. Akufuna kuti ndalama zotsala zigawidwe pa miyezi yambiri kuti gawo la pamwezi lichepe. Ophunzira akapanda kusiyanitsa ziwirizi amalemba mawu monga akuti “mundichitire chifundo pa ngongole yanga”, ndipo wowerenga sadziwa ngati akupemphedwa kudikira kapena kufafaniza.

Vuto la wamalonda wa m'malire

Tauni ya Milange ili m'chigawo cha Zambezia, patsinde pa phiri la Tumbine, ndipo yayang'anizana ndi Muloza wa m'boma la Mulanje ku Malawi. Chimanga ndi nyemba zambiri za kuno zimagulidwa ndi Amalawi, ena akumazinyamula panjinga. Choncho wamalonda wa ku Milange amakhala pakati pa ndalama ziwiri. Makasitomala ake ambiri amapeza ndalama zawo m'makwacha, koma iye ngongole yake amabweza m'mametikali.

Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 alionse, ndipo dola imodzi ya ku Amereka, imene inkagulidwa pa makwacha pafupifupi 1,180, inafika pa makwacha 1,700. Kwa Mmalawi, katundu wogulidwa ndi mametikali anakwera mtengo mwadzidzidzi. Kwa wamalonda wa ku Milange, makasitomala anayamba kugula pang'ono, pamene gawo lake la kubanki silinasinthe.

Tiyerekeze tsono kuti pali mayi wina wogulitsa chimanga ndi nyemba mopikulitsa pamsika wa Milange. Manambala otsatirawa ndi ongophunzirira. Mu Juni 2023 anakongola mametikali 120,000 oti abweze pa miyezi 12, kuyambira Julayi. Mwezi uliwonse amabweza mametikali 10,000 pamodzi ndi chiwongoladzanja cha magawo 2 pa 100 alionse a ndalama zotsala. Wabweza mosaphonya mpaka Disembala, ndipo kwatsala mametikali 60,000. Gawo la Januwale 2024 ndi mametikali 11,200, kutanthauza 10,000 kuphatikizapo chiwongoladzanja cha 1,200. Kale, akachotsa zogulira katundu, lendi ndi zofunika pakhomo, ankatsala ndi mametikali 14,000 pamwezi. Tsopano akutsala ndi 7,000 okha.

Masamu oyamba, cholembera pambuyo

Mayiyu asanalembe liwu lililonse ayenera kudziwa gawo limene angalikwanitse. Mametikali 60,000 akagawidwa pa miyezi 12 m'malo mwa 6, mwezi uliwonse azibweza 5,000. Kuwonjezapo chiwongoladzanja cha 1,200, gawo loyamba likhala 6,200, ndipo magawo otsatira azichepa ndi mametikali 100 mwezi uliwonse. Gawoli likulowa m'mametikali 7,000 amene ali nawo. Akanapempha miyezi 9 yokha, gawo loyamba likanapyola 7,800, ndipo akanalephera mwezi woyamba womwe. Kupempha nthawi yochepa pofuna kuoneka wolimba mtima ndi msampha, chifukwa banki siikhulupirira msanga munthu amene waswa pangano kawiri.

Nthawi yowonjezera ili ndi mtengo wake, ndipo ophunzira auwerengetsere okha. Pa miyezi 6 yotsala, chiwongoladzanja chonse chikanakhala mametikali 4,200. Pa miyezi 12 chikhala 7,800. Mayiyu alipira mametikali 3,600 owonjezera, osawerengerako ndalama zimene banki ingalipiritse posintha pangano. Wolemba amene wasonyeza m'kalata kuti akudziwa zimenezi amaoneka kuti walingalira mofatsa.

Kalata yachitsanzo

Pamwamba pa kalata pakhale keyala ya wolemba, tsiku, kenaka keyala ya wolandira yoyamba ndi udindo wake, osati dzina lake. Mayiyu akulemba pa 5 Januwale 2024, ndipo gawo lake liyenera kulipiridwa pa 30 Januwale. Kalata ikupitirira motere:

Bwana,

PEMPHO LOTALIKITSA NTHAWI YOBWEZA NGONGOLE

Ndikupempha kuti nthawi yobweza ngongole yanga italikitsidwe ndi miyezi 6, kuti ndidzamalize mu Disembala 2024 m'malo mwa Juni 2024. Nambala ya pangano ndi ya akaunti yanga ndazilemba kumapeto kwa kalata ino.

Mu Juni 2023 ndinakongola kubanki yanu mametikali 120,000 ogulira chimanga ndi nyemba. Ndabweza magawo 6 pa nthawi yake, ndipo kwatsala mametikali 60,000.

Ambiri mwa ondigula amachokera ku Muloza ndi ku Limbuli m'dziko la Malawi. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha mu Novembala, akugula katundu wochepa, ndipo ndalama zimene ndimatsala nazo pamwezi zatsika kuchoka pa mametikali 14,000 kufika pa 7,000. Choncho gawo la mametikali 11,200 la pa 30 Januwale sindilikwanitsa lonse.

Nditha kumabweza mametikali 5,000 pamwezi pamodzi ndi chiwongoladzanja chake, kuyambira ndi mametikali 6,200 pa 30 Januwale. Ndikudziwa kuti potero chiwongoladzanja chonse chidzachuluka, ndipo ndikuvomera. Ndayamba kugulitsa gawo la katundu wanga kwa amalonda a ku Mocuba, amene amalipira m'mametikali. Chikole chimene ndinapereka chidakalipo chili bwino, ndipo mutha kudzachiona.

Ndaphatikizapo masamba a buku langa la malonda a miyezi ya Seputembala mpaka Disembala. Ndine wokonzeka kudzaonana nanu tsiku lililonse limene mungasankhe.

Ine wanu wokhulupirika,

Pansi pa mawu otsirizawa wolemba asayine, alembe dzina lake lonse, kenaka manambala a pangano ndi akaunti.

Chifukwa chake yalembedwa chomwechi

Pempho laikidwa m'ndime yoyamba, lili ndi chiwerengero cha miyezi ndi mwezi womalizira. Pocheza timayamba ndi malonje aatali n'kumafika pa nkhani mozungulira, ndipo ophunzira amautengera mwambowu m'kalata. Muno malonje ndi liwu limodzi, “Bwana” kapena “Mayi”, popanda kufunsa za moyo wa kunyumba. Ulemu ukuonekera m'mawu monga “yanu”, “nanu” ndi “mungasankhe”, osati m'mawu odzichepetsa mopyola muyeso monga akuti “ndagwira mwendo wanu”.

Ndime yachiwiri ikukumbutsa mbiri ya wolemba. Magawo 6 obwezedwa pa nthawi yake ndi umboni umene mkulu wa banki atha kuutsimikiza yekha m'mabuku ake, ndipo ndi wamphamvu kuposa malumbiro onse.

Ndime yachitatu ikutchula chifukwa chimodzi chokha, chodziwika kwa aliyense wa m'malire, ndi kusonyeza mmene chakhudzira ndalama. Wolemba akaunjika maliro, matenda, fizi ya ana ndi mvula m'ndime imodzi, wowerenga amayamba kuganiza kuti ndalama za malonda zimathera pakhomo.

Ndime yachinayi ndiyo mtima wa kalata. Kwacha ikagwa sidzuka mwezi wamawa, choncho kulemba kuti “zinthu zikhala bwino posachedwa” n'kulonjeza chimene wolemba alibe nacho mphamvu. Mayiyu walonjeza gawo lolingana ndi zimene akupeza lero, ndipo wasonyeza chimene iye mwini wachita, kupeza ogula olipira m'mametikali. Apa mpamene banki imasiyanitsa malonda amene apunthwa ndi malonda amene afa. Ngati wamalonda satsala ndi kanthu pakutha pa mwezi, kutalikitsa nthawi kumangokulitsa ngongole yake, ndipo kalata ngakhale yosalala chotani siingamuthandize.

Nthawi yolembera ndi zochita pambuyo pake

Kalata ifike kubanki tsiku lolipira lisanakwane. Wolemba asanaphonye amaonedwa ngati munthu woona patali. Wophonya kale amakhala atayamba kulipiritsidwa chindapusa, ndipo mabanki ambiri amaiyesa ngongole yowonongeka ikapyola masiku 90 isanalipiridwe. Ku Mozambiki, banki yaikulu ya dziko imasunga kaundula wa ngongole amene mabanki ena amayang'anamo, kotero kuti mbiri yoipa pa banki imodzi imatseka makomo a mabanki ena.

Ntchito za m'mabanki a ku Mozambiki zimayenda m'Chipwitikizi, choncho kalatayi kawirikawiri iyenera kumasuliridwa. N'kwanzeru kuilemba kaye m'chiyankhulo chimene mwini wake amaganizira, kuti manambala ndi malonjezo zikhale zake, kenaka womasulira amuwerengere zimene walemba asanasayine. Apite ndi makope awiri, chiphaso chake ndi nambala yake ya msonkho ya NUIT, ndipo apemphe kuti kope limodzi lidindidwe tsiku lolandirira n'kumubwezera.

Kupereka kalata si kuvomerezedwa. Nthawi zambiri mkulu wa nthambi amatumiza pempho kwa akuluakulu ake, ndipo pangano lakale limagwirabe ntchito mpaka latsopano litasayinidwa. Mayiyu akaona kuti pa 30 Januwale pakuyandikira yankho lisanabwere, apite akafunse, ndipo alipire mametikali 6,200 amene analonjeza, ngakhale kuti otsalawo adzawerengedwa ngati ochedwa. Asakatenge katapila kuti akwanitse gawolo, popeza chiwongoladzanja cha katapila cha mwezi umodzi chitha kumeza phindu la miyezi ingapo.

Ntchito ya m'kalasi

Apatseni ophunzira chitsanzo chomwechi, koma mayiyu akhale kuti akutsala ndi mametikali 5,500 pamwezi. Awerengetsere miyezi imene ayenera kupempha asanalembe kalata. Ophunzira amene apeza miyezi 15 adzakhala ndi gawo loyamba la mametikali 5,200, limene likusiya kampata kochepa. Pochonga, funsani ngati munthu wowerenga ndime yoyamba yokha angadziwe chimene chikupemphedwa, ndiponso ngati ndalama zolonjezedwa m'ndime yachinayi zikugwirizana ndi zimene ndime yachitatu yanena kuti wolemba amatsala nazo.