Ndiwauze Zingati? Kaikidwe ka Mtengo Woyamba pa Ntchito Yachilendo M'dera

Wogulitsa tomato savutika ndi mtengo. Amangosuzumira pa benchi la mnzake n'kudziwa kuti mulu ukuyenda pa zingati lero. Amene amasowa pogwira ndi munthu yemwe wabweretsa ntchito yoti m'deralo palibe anaichitapo, monga mayi amene wagula makina ochapira zovala a zipinda ziwiri aja, china chochapira china chofinyira, n'cholinga choti azichapira anthu a m'lokeshoni. Palibe wopikisana naye woti atengereko mtengo, ndipo kasitomala woyamba akafika pageti n'kufunsa kuti "Mukuchapa zingati?", yankho limene atulutse tsiku limenelo limakhala lovuta kulisintha mawa.

Ambiri amayamba ndi kufunsa anansi kuti angalipire zingati. Mayankho ake amasocheretsa. Mnansi waulemu amati, "Iii, amayi a Chisomo, mwaganiza bwino, ife tizibwera sabata iliyonse," chifukwa safuna kukukhumudwitsani. Mnansi wochenjera amatchula kamtengo kotsika dala, podziwa kuti ndi iye yemwe adzalipire. Onse awiri sanatulutse ndalama, ndipo akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Njira yodalirika ndi kupeza malire awiri, wapansi ndi wapamwamba, kenako kuyesa mtengo wapakati pawo ndi ndalama zenizeni. Manambala amene ali m'nkhani ino ndi ongoyerekeza kuti kawerengedwe kaoneke. Inu muikemo mitengo ya kwanu ya lero.

Malire apansi: zimene ntchito imakudyerani

Malire apansi safuna mnansi aliyense. Amapezeka poyesa ndi zovala za pakhomo panu. Mayi wathuyu achape kangapo akulemba zonse m'kope. Awerenge zigubu za malita 20 zimene zathera pochapa ndi potsukuluza kawiri. Tinene kuti ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo pakiyosiki chigubu ndi K100, ndiye kuti madzi ndi K700. Atenge paketi ya sopo waufa ya K6,000 n'kuona kuti yachapa maulendo angati isanathe. Ngati ndi 12, ulendo uliwonse wadya K500. Za magetsi, azimitse zina zonse m'nyumba, awerenge mayunitsi pa mita ya ESCOM asanayatse makina ndi atamaliza. Makina amtunduwu satenthetsa madzi, kotero sadya magetsi ambiri, tiikepo K100. Zitatuzi pamodzi ndi K1,300.

Ambiri amalekera pamenepa, n'kumadabwa makina akafa opanda ndalama yogulira ena. Makinawo amatha pang'onopang'ono ulendo uliwonse, ndipo kuthako kuyenera kulowa mu mtengo. Ngati anagulidwa K450,000 ndipo mukuyembekezera kuti achapa maulendo 1,800 asanatope, ulendo uliwonse ukudya K250. Onjezanipo K100 ya lamba woduka, mota yopsa ndi mmisiri wokonza. Tsopano ulendo umodzi wafika pa K1,650. Iyi ndi ndalama imene imatuluka makina akangozungulira, ngakhale mukuchapira mlamu wanu kwaulere.

Chatsala ndi thukuta la mwini wake. Makina a zipinda ziwiri sachapa okha: munthu amathira madzi, kusamutsa zovala, kupikicha makolala ndi manja, kuyanika, kuanula ndi kupinda. Mayiyu adzifunse kuti nthawi imeneyi akanaigwiritsa ntchito ina, monga kukazinga mandasi, akanapeza zingati pamwezi. Tinene K75,000. Ndalama imeneyi aigawe pa maulendo amene angapezekedi m'miyezi yoyamba, osati amene makina angakwanitse. Akayembekezera maulendo 50 pamwezi, thukuta lake ndi K1,500 paulendo. Kuphatikiza ndi K1,650 ija, malire apansi ndi K3,150. Mtengo wochepera apa ndiye kuti mayiyu akulipirira anansi ake kuti awachapire.

Malire apamwamba: zimene anthu akulipira kale

Ntchito ingakhale yachilendo, koma vuto limene ikuthetsa ndi lakale. Anthu a m'deralo akhala akuchapa zovala makinawo asanabwere, ndipo ena amalipira. Choncho funso loyenera kwa mnansi si lakuti "Mungalipire zingati?" koma lakuti "Loweruka lapitali anakuchapirani ndani, ndipo munawapatsa zingati?" Funso ili likunena za ndalama imene inatulukadi m'thumba, ndiye munthu alibe chifukwa chokometsera.

Tiyerekeze kuti aphunzitsi a kuseri kwa nyumba ayankha kuti amaitana waganyu, ndipo pa mulu wofanana ndi ulendo umodzi wa makina amalipira K3,000. Musalekere pomwepo. Sopo ndi madzi amagula ndi eni zovala, mwina K1,200, ndipo nthawi zambiri waganyu amamwa tiyi kapena kudya nsima pakhomopo. Aphunzitsiwo amayeneranso kukhala panyumba m'mawa wonse. Kuchapitsa kwawo kukuwadyera K4,200 kapena kuposerapo, ngakhale iwo m'mutu mwawo amangokumbukira K3,000. Amenewa ndiwo malire apamwamba, ndipo mayiyu afunika kumawafotokozera makasitomala kuti mtengo wake ndi wa zonse, sopo ndi madzi zili momwemo.

Funso lomweli limasonyezanso amene sali makasitomala anu. Banja limene lili ndi ana akuluakulu ochapa Loweruka lililonse silitulutsa ndalama pa ntchitoyi, ndipo ngakhale mutatsitsa bwanji lidzati mwadulitsa. Mtengo uyezedwe pa anamwino ogwira usiku, anyamata okhala okha, ophunzira a m'makoleji ndi mabanja amene onse awiri amapita kuntchito. Zikapezeka kuti malire apamwamba ali pansi pa apansi, vuto si mtengo ayi. Ndiye kuti ntchitoyo, mmene yakonzedwera, siingayende m'dera limenelo, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi makina asanagulidwe.

Kusankha pakati pa awiriwa

Mayiyu tsopano akudziwa kuti mtengo wachilungamo uli pakati pa K3,150 ndi K4,200. Mantha amamukokera pansi, mwina mpaka K2,500, poganiza kuti anthu azolowere kaye. Masamu akukana. Pa K2,500, akachotsa K1,650 ija, amatsala ndi K850 paulendo, ndipo kuti apeze K75,000 yake afunika maulendo 89 pamwezi, kutanthauza maulendo oposa atatu tsiku lililonse logwira ntchito, popanda tsiku lozima magetsi kapena louma mipopi. Pa K3,500 amatsala ndi K1,850, ndipo maulendo 41 akukwanira. Pa K4,000 akufunika 32 okha. Kutsitsa mtengo ndi K1,000, kuchoka pa K3,500 kufika pa K2,500, kukumukakamiza kugwira ntchito yoposa kuwirikiza kawiri kuti apeze ndalama yomweyo.

Palinso chifukwa china choyambira chakumtunda. Kutsitsa mtengo anthu amakulandira ndi manja awiri, koma kukweza kumabala miseche yoti "wayamba kudzimva." Ngati mukufuna kukopa anthu masiku oyamba, lembani mtengo weniweni pa chikwangwani, K4,000, ndipo pansi pake mulembe kuti mpaka tsiku lakuti ndi K3,500 chifukwa chotsegulira. Tsikulo likafika simunakweze kanthu. Kuchotsera ndiko kwatha, ndipo aliyense anadziwa kale. Mitengo yothera pa K500 imachepetsanso vuto la chenji, ngakhale ena adzalipira pa Airtel Money kapena Mpamba.

Mtengo usanalengezedwe, muyeso wake ukhale womveka. Mukangoti "beseni limodzi K4,000," wina adzabwera ndi beseni losambitsira mwana, wina ndi bafa lalikulu, atapondereza zovala ndi bondo. Khalani ndi ndowa yanuyanu yokhala ndi mzere, kapena sikelo yopachika, ndipo muyeze kasitomala akuona. Mabulangete akhale ndi mtengo wawo, chifukwa limodzi lokha limadzaza makina, limamwa madzi ambiri ndipo likanyowa limalemetsa mota. Kusita nakonso kukhale kwapadera, popeza ayironi imadya magetsi kuposa makinawo.

Kuwerenga zimene anthu akuchita

Muyeso utenge mwezi wathunthu, chifukwa sabata ya malipiro ndi sabata ya pakati pa mwezi zimasiyana kwambiri. M'kope muja lembani zinthu zitatu: amene afunsa mtengo, amene asiya zovala, ndi amene abweranso kachiwiri. Gulu lachitatuli ndilo lonena zoona, chifukwa ulendo woyamba ambiri amabwera kudzaona makina.

Ngati aliyense akulipira osanenerera ngakhale pang'ono, ndipo zingwe zoyanikira zadzaza mpaka mukubweza anthu, mtengo watsika. Ngati akudandaula pang'ono koma akusiyabe zovala n'kubweranso, mwaupeza. Ngati ambiri akufunsa n'kuchoka, musathamangire kutsitsa; funsani kaye awiri atatu chimene chawabweza. Wina amaopa kuti makina ang'amba diresi lake la kuukwati, wina sakufuna kuti zovala zake zisakanikirane ndi za khomo lina, wina amachita manyazi kudutsa mumsewu atasenza zovala zakuda. Mavuto amenewa amatha pochapa za banja lililonse pazokha, kuwerenga zovala ndi mwini wake pozilandira, kapena kukazitenga kunyumba. Kuchotsa K500 sikungawathetse. Koma ngati amene anachapitsa kamodzi n'kukhutira akunena kuti sangakwanitse sabata iliyonse, yesani muyeso wa theka, monga theka la ndowa pa K2,500, mtengo wa ndowa yonse usanakhudzidwe.

Abale, ngongole ndi kukweza

Chilungamo cha mtengo chimaonekeranso pa kufanana kwake. M'lokeshoni nkhani siichedwa: mukachapira amayi a mpingo pa K3,000 ndi mnyamata wa renti pa K4,000, pofika madzulo onse adziwa, ndipo K3,000 ndiyo isanduka mtengo wanu. Wachibale amene simungamukanize muuzeni poyera kuti, "Achemwali, ntchito yanga musalipire, koma ya madzi, sopo ndi makina ndi K1,650." Za ngongole, lamulo losavuta ndi lakuti zovala zimatuluka ndalama ikalowa, ndipo linenedwe pozilandira, osati pozibweza.

Pomaliza, mtengo woyamba si wamuyaya. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu wochokera kunja, monga makina ndi zipangizo zake, anakwera. Amene ankasunga ya makina potengera mtengo umene anagulira anapeza kuti siikukwanira kugula ena. Choncho miyezi itatu iliyonse bwerezani masamu aja ndi mitengo yatsopano ya sopo ndi madzi, ndipo gawo la makina muliwerengere pa mtengo umene ali nawo m'sitolo lero. Pofuna kukweza, dziwitsani makasitomala kudakali masabata awiri, ndipo tchulani chimene chakwera ndi kuchuluka kwake. Munthu amene nayenso amagula sopo yemweyo kugolosale savuta kumva.