Makiyi anayi omwe Cloudflare inaiwala kusintha

Mu Okutobala 2023, mbava za pa intaneti zinathyola kampani ya ku America ya Okta, yomwe imathandiza makampani ena kutsimikizira kuti amene akulowa m'makompyuta awo ndi mwini akaunti weniweni. Mwa zomwe zinabedwa munali makiyi achinsinsi a kampani ina, ya Cloudflare. Akatswiri a ku Cloudflare atamva, anasintha makiyi masauzande ambiri, koma anayi anatsala, poti ankaganiza kuti palibe chomwe chimawagwiritsa ntchito. Pa 14 Novembala mbava zija zinayamba kugogoda ndi makiyi omwewo, zitseko n'kutseguka. Zinawerenga zolemba za mkati mwa kampaniyo, n'kutenganso ena mwa malamulo a mapulogalamu ake, mpaka pa 23 Novembala pomwe zinatulukiridwa.

Makiyi anayiwo sanali a wogwira ntchito aliyense. Anali a mapulogalamu. M'makampani, m'mabanki ngakhale m'maofesi aang'ono muli timapulogalamu tomwe timagwira ntchito patokha, usiku anthu ali mtulo: kena kamasunga makope a mafayilo, kena kamatumiza mauthenga pa foni za makasitomala. Kuti kapulogalamu kotere kalowe m'seva kamapatsidwa akaunti yakeyake, kapena kiyi wa API, yemwe ndi mndandanda wautali wa zilembo ndi manambala. Munthu akamalowa mu akaunti, nthawi zambiri amafunsidwanso nambala yotumizidwa pa foni yake. Pulogalamu ilibe foni. Aliyense amene wagwira zilembo zija, seva imamulandira ngati pulogalamu ija. Ndipo pulogalamu sipuma pa ntchito, sichotsedwa ntchito, choncho palibe tsiku lomwe wina amakumbukira kuti aitsekere akaunti.

N'chifukwa chake odziwa ntchitoyi amayamba ndi kuvomereza kuti kiyi aliyense tsiku lina adzatuluka kunja. Funso limakhala lakuti: akadzatuluka, adzatsegula zitseko zingati, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji?

Titenge kapulogalamu kosunga makope. Ofesi ina imafuna kuti usiku uliwonse kope la nkhokwe ya zolemba zake lizitumizidwa ku S3, malo osungirako mafayilo a Amazon Web Services. Wopanga kapulogalamuko akatopa ndi uthenga wa `AccessDenied`, chiyeso chimakhala chongopatsa akauntiyo chilolezo cha `AdministratorAccess`, ntchito iyende, zokonza mawa. Mawa lake silifika. Zili ngati kupatsa waganyu mpukutu wonse wa makiyi a pakhomo pomwe iye amangofuna kutenga khasu m'chisakasa. Komatu ntchito ya kapulogalamuka ndi imodzi, kuika fayilo pamalo amodzi, ndipo chilolezo chake chimakwana m'mizere yochepa:

```json
{
  "Effect": "Allow",
  "Action": "s3:PutObject",
  "Resource": "arn:aws:s3:::makope-a-ofesi/usiku/*"
}
```

Mbava ikaba kiyi wa akaunti imeneyi singawerenge makope omwe ali kale kumeneko, poti palibe `s3:GetObject`. Singawafufute, poti palibe `s3:DeleteObject`. Singadzipangire akaunti ina. Pali kampata kamodzi komwe ambiri sakaona: chilolezo choika fayilo chimalolanso kulemba pamwamba pa fayilo yakale ya dzina lomwelo, kotero mbava ingathe kuononga makope abwino poikapo zinyalala. Mankhwala ake ndi kuyatsa `Versioning`, kuti fayilo yakale izisungidwabe pansi pa yatsopano. Ngati seva ya ofesiyo ili ndi adiresi ya pa intaneti yosasintha, mungaonjezere `aws:SourceIp`, kuti kiyiyo akanidwe akabwera kuchokera kwina kulikonse.

Kapulogalamu kalikonse kakhale ndi akaunti yake. Timapulogalamu tisanu tikamagawana kiyi mmodzi, kiyiyo amayenera kukhala ndi zilolezo za tonse tisanu, ndipo pakachitika zachilendo simungadziwe kuti watulukira kuti.

Ku Cloudflare mbali zonse ziwiri zinaoneka. Imodzi mwa akaunti zija inali ya pulogalamu ya Smartsheet, ndipo inali ndi mphamvu za mkulu woyang'anira mu Jira, momwe akatswiri amalembamo zovuta zomwe akukonza. Imeneyo ndiyo inathandiza mbava kukhazikika. Ina inali ya ku AWS, koma malo omwe imatsegula anali opatulidwa, osafika kwa makasitomala, ndipo mbava sizinapezeko kanthu kolozeka.

Tsopano kusintha kiyi. Anthu amakuopa, ndipo mantha ake ndi omveka: ukafufuta kiyi wakale pomwe kapulogalamu kena kakumudalirabe, ntchito imaima, mwina usiku wa malipiro. AWS imalola akaunti imodzi kukhala ndi makiyi awiri nthawi imodzi pa chifukwa chomwechi. Mumayamba mwapanga wachiwiri, woyamba akadali moyo, n'kumuika pomwe kapulogalamu kamamuwerenga. Kenako mumadikira kuti kagwire ntchito, n'kufunsa kuti wakale uja anagwiritsidwa ntchito liti komaliza:

```
aws iam create-access-key --user-name makope
aws iam get-access-key-last-used --access-key-id AKIA...
aws iam update-access-key --user-name makope --access-key-id AKIA... --status Inactive
```

Tsiku lomwe lamulo lachiwiri likuonetsa likapitirira kusuntha mutasintha kale, ndiye kuti pali china chomwe chikugwiritsabe kiyi wakale: seva yomwe munaiiwala, laputopu ya wina, kapena munthu amene simukumudziwa. CloudTrail, kaundula wa zochitika wa AWS, imasonyeza adiresi yomwe pempho linachokera. Tsikulo likaima, musafulumire kufufuta. Lamulo lachitatu limangomugoneka kiyiyo, ndipo china chikasweka mumamudzutsa ndi `Active`. Kudikiraku kutalike molingana ndi ntchito yake. Kapulogalamu kothamanga kamodzi pa mwezi sikangakuuzeni kanthu m'masiku atatu. Nthawi ikakwana popanda wodandaula, `delete-access-key` imamaliza nkhani.

Malangizo ofala, monga a Center for Internet Security, amati kiyi asapitirire masiku 90. Ine ndimaona kuti phindu lalikulu la lamuloli silili pa nambalayo. Masiku 90 ndi ambiri kwa mbava. Phindu lake n'lakuti ofesi yomwe imasintha makiyi kanayi pa chaka imadziwa pomwe kiyi aliyense ali, ndipo tsiku la ngozi imasintha onse msanga osanjenjemera. Njira yoposa apa ndi kusakhala n'komwe ndi kiyi wokhalitsa. Kapulogalamu kakamathamanga pa seva ya AWS yomweyo, kangapatsidwe udindo wotchedwa `IAM role`, womwe umatulutsa makiyi otha mphamvu pakangopita maola ochepa n'kumadzisintha okha. Si mapulogalamu onse angatero, makamaka akale ndi a makampani ena, ndiye kusintha pamanja sikunathe.

Chinanso, kiyi asalembedwe m'kati mwa pulogalamu. Toyota inaulula mu 2022 kuti kiyi wa seva yake ina anakhala poyera pa GitHub kwa zaka pafupifupi zisanu, kuyambira Disembala 2017, ali m'malamulo a pulogalamu ya T-Connect. Kiyi akaikidwa kumeneko, kufufuta mzerewo sikuthandiza, poti Git imasunga mbiri yonse. Ameneyo ndi wofunika kumupha basi.

Nanga kiyi yemwe aliyense akuti "ameneyo sagwira ntchito"? Ngati n'zoona, palibe chifukwa chomusungira, mugonekeni lero n'kumufufuta. Ngati si zoona, kumugonekako kudzaulula mwini wake. A Cloudflare atatseka mpata pa 24 Novembala, sanafunsenso kuti kiyi uti akugwira ntchito ndi uti ayi. Anasintha onse, oposa 5,000.