Mbuzi zitatu ndi ulendo wa mlandu

Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Dedza wadzuka m'mawa n'kupeza khola lili pululu, mbuzi zake zitatu kulibe. Dzuwa lisanatenthe, mudzi wonse wamudziwa kale wakuba: ndi mnyamata uja wangogula foni yatsopano chikhalirecho sagwira ntchito. Koma zimene mudzi ukudziwa ndi zimene khoti lingavomereze ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ulendo wonse wa mlandu, kuchokera pakauntala ya polisi mpaka pa chigamulo, ndi ntchito yosandutsa kukayikira kukhala umboni. Umboniwo ukaperewera, mlandu umafera m'njira ngakhale aliyense atalumbira kuti wakubayo akumudziwa.

Mayiyu akafika ku polisi, wapolisi wa pakauntala amalemba dandaulo lake m'buku la zochitika, kenako amamutenga sitetimenti. Apa ndi pamene mlandu umamangidwira maziko. Kungonena kuti "zandibera mbuzi" sikukwanira. Afotokoze kuti anatseka khola nthawi yanji, anazindikira liti kuti mbuzi kulibe, ndipo mbuzizo n'zotani: thonde wakuda wothyoka nyanga ya kumanzere, misoti iwiri yoyera, umodzi wodulidwa khutu. Asanasaine, amuwerengere zimene zalembedwa, chifukwa miyezi ikapita adzafunsidwa m'khoti pa mawu omwewo. Kupereka dandaulo ku polisi salipira.

Kuyambira pamenepo mlanduwo si wa mayiyu ayi, ndi wa boma. N'chifukwa chake m'khoti umaitanidwa kuti boma likuzenga wakutiwakuti. Mwini mbuzi amakhala wodandaula komanso mboni yoyamba, koma alibe mphamvu yongodzuka tsiku lina n'kuutseka yekha poti abale a mnyamatayo abwera kudzapepesa. Akhoza kupempha, koma mlandu ukafika kukhoti, sutha popanda khotilo kulola.

Apolisi amatsegula doketi, fayilo yosungiramo zonse za mlanduwo, n'kuipereka kwa wapolisi wofufuza. Iyeyu amapita kukaona khola, amafunsa anthu oyandikana nawo ndi achitetezo a m'mudzi, n'kuzungulira m'misika ya ziweto. Tinene kuti pa tsiku lachiwiri wapeza thonde wothyoka nyanga uja kwa wogulitsa nyama pa msika wina, ndipo wogulitsayo akuti anamugula m'bandakucha kwa mnyamata yemwe akhoza kumuzindikira. Tsopano pali chogwirika: mbuzi yomwe mwini wake waizindikira, ndi munthu amene anaona ndi maso ake. Koma mnansi amene akuti "ndinamva kwa mlamu wanga kuti ndi yemweyo" sangathandize, chifukwa khoti sililandira zongomva kwa ena. Wogulitsa nyamayo nayenso ali pa mpeni: zikaoneka kuti ankadziwa kuti mbuziyo ndi yakuba, akhoza kuyankha mlandu wake wolandira katundu wakuba.

Mnyamata uja akamangidwa, lamulo limatembenukira kwa iye n'kumuteteza. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino, omwe anakhazikitsidwa mu 1994, limati auzidwe chifukwa chomwe wamangidwira m'chilankhulo chimene amamva, auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asakakamizidwe kuvomera mlandu. Wapolisi akamamutenga sitetimenti amayamba wamuchenjeza kuti chilichonse chimene anene chikhoza kukagwiritsidwa ntchito m'khoti. Ndipo sangasungidwe m'chitolokosi mpaka kalekale: ayenera kukaonekera kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku lomwe khoti siligwira ntchito, amapita tsiku loyamba lomwe khoti latsegula, n'chifukwa chake womangidwa Lachisanu madzulo nthawi zambiri amaona woweruza Lolemba.

Apa ndi pamene midzi yambiri imakwiyira. Mawa lake anthu amamuona mnyamatayo akuyenda pa msika, n'kuyamba kunena kuti apolisi adya ziphuphu. Nthawi zambiri chomwe chachitika ndi belo. Belo si kupambana mlandu, koma kulola munthu kudikira mlandu wake ali kunyumba, popeza lamulo limamuona ngati wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Ya kukhoti imabwera ndi zoyenera kutsata: kukhala ndi anthu omuimira, kumakaonekera ku polisi masiku oikika, kusalankhula ndi mboni, nthawi zina kupereka ndalama ya chikole. Khoti likhoza kukana belo likaona kuti munthuyo athawa kapena asokoneza mboni. Zikatero amapita pa limandi kundende monga Maula kapena Chichiri. Kumenekonso kuli malire: malamulo a kazengedwe ka milandu, monga anakonzedwera mu 2010, amati pa mlandu wozengedwa ndi majisitireti munthu asapitirire masiku 30 pa limandi mlandu usanayambe, ndipo pa milandu ikuluikulu monga kupha munthu, masiku 90, pokhapokha khoti litawonjezera. Ambiri amapitirira masikuwa chifukwa palibe wowafunsira, ndipo apa ndi pomwe a bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya amafunikira.

Kufufuza kukatha, doketi imapita kwa woimira boma pa milandu. M'makhoti a majisitireti nthawi zambiri ameneyu amakhala wapolisi wophunzira ntchitoyi, wogwira pansi pa mphamvu za mkulu wozenga milandu ya boma. Iyeyu amaona ngati umboni ulipo wokwanira, n'kusankha dzina la mlandu. Dzinalo lili ndi kulemera kwake. Kuba wamba, pa gawo 278 la malamulo a milandu ndi zilango, chilango chake sichipitirira zaka 5. Koma kuba ziweto monga ng'ombe, mbuzi kapena nkhumba kuli pa gawo 281, ndipo kumafika zaka 14. Mlandu wa mbuziwu umazengedwa ndi majisitireti, pomwe wakupha munthu kapena kuukira boma umapita ku khoti lalikulu.

Tsiku loyamba m'khoti, mlandu umawerengedwa ndipo womasulira amaunena m'chilankhulo chimene woimbidwa mlandu amamva, popeza makhoti athu amalemba m'Chingerezi. Kenako amafunsidwa ngati akuvomera kapena akukana. Akavomera, woimira boma amafotokoza mwachidule mmene zinachitikira, ndipo mnyamatayo amafunsidwa ngati ndi zoona. Akati "mbuzi ndinagulitsadi, koma anandituma ndi amalume, ndimayesa ndi zawo", kumeneko si kuvomera, chifukwa wakana mtima wakuba. Woweruza amalemba kuti wakana, ndipo mlandu umapatsidwa tsiku.

Pozenga, boma ndi lomwe limayamba, chifukwa ndi lomwe lili ndi katundu wotsimikizira khoti popanda chikayiko chomveka. Mnyamatayo sakakamizidwa kuonetsa kuti ndi wosalakwa. Mayi uja amalumbira n'kufotokoza za khola ndi zizindikiro za mbuzi zake. Wogulitsa nyama amafotokoza za m'bandakucha uja. Wofufuza amanena mmene anaipezera mbuzi. Mboni iliyonse ikatha, woimbidwa mlandu kapena loya wake amaifunsa mafunso. Kunali kowala bwanji nthawi imeneyo? Munkamudziwa kale munthuyu? Bwanji ku polisi munati thonde ndi wofiira, lero mukuti wakuda? Sitetimenti ija yolembedwa mothamanga tsiku loyamba imadzabwerera apa kudzaluma mwini wake.

Boma likamaliza, woweruza amaima kaye n'kuunika ngati pali mlandu woti munthuyo ayankhe. Ngati palibe, amamasulidwa pomwepo asanatsegule n'komwe pakamwa. Ngati ulipo, akhoza kudziteteza, kuitana mboni zake, kapena kukhala chete. Kupezeka ndi mlandu woti uyankhe si kupezeka wolakwa, ngakhale anthu ambiri amasokoneza ziwirizi akamva pa wailesi. Pa nkhani yathuyi, chomwe chingamulemere mnyamatayo n'choti anali ndi mbuziyo patangopita maola ochepa chibedwere. Khoti limaloledwa kuganiza kuti wopezeka ndi katundu wongobedwa kumene, popanda kufotokoza komveka, ndi wakubayo kapena wolandira zakuba.

Milandu yambiri imafa isanafike apa, ndipo chimene chimaipha si nzeru za maloya. Mlandu umaimitsidwa kawiri katatu, mboni zimatopa ndi ndalama zokwerera, wogulitsa nyama amasamukira kwina, ndipo mwini mbuzi, ataona kuti thonde wake wapezeka, amasiya kupita. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma mboni zimaiwala ndipo zimabalalika. Boma likalephera kubweretsa mboni, khoti likhoza kumumasula woimbidwa mlandu.

Tinene kuti mboni zonse zabwera ndipo khoti lamupeza wolakwa. Chilango sichitchulidwa nthawi yomweyo. Woimira boma amanena ngati munthuyo anapalamulapo kale ndi zimene zikukulitsa mlandu: anaba usiku, anachita kukonzekera, mbuzi ziwiri sizinapezeke. Kenako wolakwayo amapatsidwa mpata wodandaula: ndi wamng'ono, aka n'koyamba, mbuzi imodzi yabwezedwa. Amene anavomera mlandu osataya nthawi ya khoti amachepetseredwa chilango. Zaka 14 zija ndi denga chabe, losungira akuba oipitsitsa. Lamulo limanenanso kuti wopalamula koyamba asathamangitsidwire kundende pokhapokha khoti litaona kuti palibe njira ina yoyenera. Choncho pali zilango zina: chindapusa, kugwira ntchito zothandiza anthu m'dera monga pachipatala kapena pasukulu, kapena chilango choimitsidwa, chomwe munthu amapita kwawo koma akapalamulanso m'nthawi yoikika amakachigwira. Khoti likhozanso kulamula kuti katundu abwezedwe kwa mwini wake.

Chigamulo cha majisitireti si mawu otsiriza. Wosakhutira akhoza kuchita apilo ku khoti lalikulu, koma asazengereze: chidziwitso chake chimayenera kuperekedwa pasanathe masiku 10. Ngakhale popanda apilo, zilango zokulirapo zimatumizidwa ku khoti lalikulu kuti woweruza wa kumeneko aziunike, ndipo akhoza kuzitsimikiza, kuzichepetsa kapena kuziwonjezera.

Kwa mayi amene khola lake lili pululu, masitepe onsewa amaoneka ngati kukondera wakuba. Koma bwererani ku m'mawa uja, pamene mudzi wonse unali utagamula kale chifukwa cha foni yatsopano. Wogulitsa nyama akanaloza munthu wina, mnyamatayo akanakhala kuti wapulumukira pa maola 48, belo ndi mafunso a m'khoti omwewo, ndipo foni ija ikanangokhala foni yomwe anamutumizira mchimwene wake wa ku Joni.